Nyenyezi za wamalonda wosamudziwa

Kumsika wa Limbe munthu sagula wailesi asanaiyatse. Amaitembenuza, amaigwedeza kuti amve ngati muli cholira m'kati, amafunsa mnzake amene anagulapo pabenchi lomwelo, ndipo ikakafa kunyumba amadziwa pokaibweza. Wogulitsayo ali ndi nkhope, benchi lake lili pamalo pomwepo chaka ndi chaka, ndipo akanyenga anthu atatu mbiri yake imafika mpaka kudepoti dzuwa lisanalowe. Malonda a makolo athu ankayenda choncho. Mbiri ya munthu ndiyo inali chikole chake.

Lero ambiri a ife tayamba kugula kwa anthu amene sitidzawaona mpaka kufa. Sitolo ili ku China kapena ku Ulaya, ife tili ku Ndirande ndi foni m'manja. Ndalama zimatsogola, katundu amatsatira patapita milungu. Chimene chalowa m'malo mwa benchi ndi nkhope ndi tinyenyezi tisanu tachikasu pamodzi ndi ndemanga za anthu ena amene anagulapo. Ine ndakhala ndikuitanitsa zipangizo za magetsi m'njira imeneyi kwa zaka ndithu, zanga ndi za abale, ndipo ndafika poona kuti nyenyezizo zili ngati mboni pabwalo la amfumu. Zimanena zoona, koma zoona zake zimatuluka ukadziwa kuzifunsa.

Ndikufotokozereni nkhani ya kontirola ya malume anga, chifukwa m'menemo muli pafupifupi zonse zimene ndimayang'ana.

Malumewa anapuma pantchito yauphunzitsi ndipo amakhala kumudzi ku Ntcheu, kumene mawaya a magetsi amangodutsa pamwamba kupita kwina. Anagula panelo ya sola yogwirapo kale ntchito, yaikulu, ya mawati 250, ndi batire ya mavoliti 12, kuti mwana wawo azitchajitsa mafoni a anthu ndi kumeta tsitsi pakhonde. Vuto linali lakuti panelo ya mtundu umenewo imatulutsa mphamvu yake yonse ikamagwira pa mavoliti a m'ma 30, pomwe batire imakhala pa 13 kapena chapompo. Pakati pa ziwirizi pamafunika kabokosi kotchedwa kontirola, ndipo makontirola alipo amitundu iwiri. Yotchipa, imene amalembapo PWM, imangolumikiza panelo ku batire n'kuikokera pansi kuti ifanane ndi batireyo. Pa panelo ya malume ndiye kuti mphamvu yoposa theka ikanangotayika: maampu 8 ndi pang'ono kuchulukitsa ndi mavoliti 13 ndi mawati ongopitirira 100 pa 250 aja. Yodula, imene amalembapo MPPT, imalola panelo kugwira pa mavoliti ake ochulukawo, kenaka imasandutsa otsalawo kukhala maampu owonjezera olowa m'batire. Malume ankafunika ya MPPT yopirira maampu 20, ndipo m'masitolo amene ndinayendamo m'tauni mtengo wake unali woti penshoni ya miyezi iwiri ithere pomwepo.

"Mphwanga," anatero pafoni, "iwe umadziwa zogula kunjazi. Koma ndalama ndili nazozi ndi zomwezi. Zikapita zapita."

Mawu amenewo ndiwo anali muyeso wa ntchito yonse. Munthu wogula kachikwama ka foni ka madola awiri akhoza kutseka maso n'kutola chilichonse. Wogula ndi ndalama zimene sizingabwererenso ayenera kukhala pansi ndi kuwerenga. Ndinatsegula msika wina waukulu wa pa intaneti, wa mtundu uja umene masitolo zikwizikwi amagulitsira pansi pa denga limodzi, ndipo nditasefa ndinatsala ndi masitolo atatu amene sindinawamvepo chibadwire.

Yoyamba inali ndi mbiri yoyera ngati ufa wa mgaiwa wosefa kawiri: 100 pa 100 alionse okhutira, nyenyezi zisanu zathunthu, mtengo madola 48. Yachiwiri inali ndi 98.6 pa 100, kontirola yake ili ndi ndemanga zoposa 2,300 ndi nyenyezi 4.8, yolembedwa MPPT ya maampu 30, mtengo madola 14 okha. Yachitatu inali yooneka yotsalira pa zonse: 96.8 pa 100, ndemanga 640, nyenyezi 4.6, mtengo madola 67. Mukanafunsa mwana wa sitandade 5 kuti asankhe, akanaloza yoyamba chifukwa yakhoza zonse, kapena yachiwiri chifukwa yatchipa. Ine ndinagula kwa yachitatu, ndipo zifukwa zake nazi.

Funso loyamba limene ndimafunsa nambala iliyonse ndi lakuti: anthu angati? Sitolo ya 100 pa 100 ija inali ndi ndemanga 9 basi. Anthu 9 akakuuzani kuti mlatho ndi wolimba, mwamva kanthu, koma simunamve zambiri. Pali kamasamu kakalekale kamene kamandithandiza apa, kochokera kwa katswiri wa masamu wa ku France dzina lake Pierre-Simon Laplace, wa zaka za m'ma 1700. Mumawonjeza ndemanga ziwiri zongoganizira pa zimene zilipozo, imodzi yabwino, ina yoipa, kenaka n'kuwerengeranso. Sitolo ya ndemanga 9 zabwino zokhazokha imakhala ndi zabwino 10 pa 11, zomwe ndi 91 pa 100. Kontirola ya sitolo yachitatu inali ndi ndemanga 22 zoipa pa 640, ndiye kuti zotsala 618. Kuwonjeza ziwiri zija kumapereka 619 pa 642, zomwe ndi 96 pa 100 ndi kanyenyeswa. Mwaona? Nambala yaikulu siigwedezeka, yaing'ono imagwa ndi kamphepo komweko. Kamasamuka sikanena kuti sitolo yatsopano ndi yakuba. Kakungokumbutsa kuti sinayesedwe mokwanira, ndipo amene aiyese ndi ndalama zake ndinu.

Nditaziwerenga ndemanga 9 zija ndinapezanso china. Sitolo inatsegulidwa miyezi itatu yapitayo, ndipo ndemanga zonse zinalembedwa m'sabata imodzi, kenaka zii. Zonse zinali zazifupi, zoyamikira "katundu wabwino, wogulitsa wabwino", popanda ndi imodzi yomwe yotchula batire, panelo, kapena dzuwa. Ogula enieni samabwera motero. Amabwera mwapatalipatali monga odwala kuchipatala cha kumudzi, wina lero, wina sabata yamawa, ndipo amalankhula zosiyana: uyu akudandaula za waya wamfupi, uyo akunyadira kuti firiji yake yayaka. Ndemanga zikaunjikana tsiku limodzi ndi mawu ofanana, ndimaganiza za maliro aja amene olira ake achita kuitanidwa.

Musaganize kuti kupanga mbiri yabodza n'kovuta. M'chaka cha 2017 mtolankhani wina wa ku London, Oobah Butler, analembetsa kashedi kamene ankakhalamo pa TripAdvisor ngati malo odyera, n'kukatcha The Shed at Dulwich. Anzake anamulembera ndemanga, ndipo pofika mwezi wa Novembala malo amene anali asanaphikirepo mlendo ndi mmodzi yemwe anali pa nambala wani mu London monse. Ena angati, koma pamisika yogulitsa katundu amalola ndemanga kwa okhawo amene agula. Zoona, komabe nazonso zili ndi njira yake. Wogulitsa amadzigula yekha ndi maina ongopeka, n'kutumiza kaphukusi kopanda pake ku adiresi ya munthu wosadziwa kanthu kuti makina aone ngati katundu wafikadi. M'chaka cha 2020 anthu ambiri ku America analandira timapaketi ta mbewu tochokera ku China timene sanaitanitse, ndipo akuluakulu a zaulimi kumeneko anati zikuoneka kuti ndi chinyengo cha mtundu womwewu. Choncho chizindikiro chakuti wolembayo anaguladi chimathandiza, koma si lumbiro.

Sitolo yachiwiri ndiyo inandidyera nthawi, chifukwa anthu 2,300 sangakhale onse abodza, ndipo sanali. Apa ndipo pamafunika funso lachiwiri: anthuwa akuyamikira chiyani kwenikweni? Nambala ya 98.6 inali ya sitolo yonse, ndipo nditalowa m'kati ndinapeza kuti malonda ake ambiri ndi zikwama za foni, matochi ndi zingwe zotchajira. Mbiri yake inamangidwa pa tizinthu ta madola awiri. Kuti amatumiza matochi msanga n'zabwino, koma sizikundiuza kanthu za kontirola. Pamisika ina zimafika poipa kuposa apa, wogulitsa amatenga tsamba la chinthu chakale chimene chinali ndi ndemanga zambiri n'kusinthapo chithunzi ndi dzina, kotero kuti pansi pa kontirola mumapeza anthu akuyamikira masokosi. N'chifukwa chake ndimapita kukawerenga ndemanga zakale kwambiri, kuti ndione ngati zikukamba za chinthu chomwechi.

Za sitolo iyi zinkakambadi za kontirola. Koma tamvani zimene zinkanena. "Yafika msanga." "Yapakidwa bwino." "Ndayesa, ikuyaka." Ambiri analemba tsiku lomwe phukusi linafika, ena mpaka kuvomera kuti sanailumikize. Nyenyezi zisanu zoterezi ndi za wonyamula makalata. Ndipo ngakhale amene anailumikiza sakanadziwa vuto lake, chifukwa kontirola ya PWM yovekedwa dzina la MPPT imatchaja ndithu. Kagalasi kake kamayaka, manambala amaoneka, babu imawala usiku. Munthu amene alibe chopimira sangadziwe kuti theka la dzuwa lake likuthera panjira. Amayamikira ndi mtima woona, ndipo akulakwitsa ndi mtima woona womwewo. Awa ndiwo malire aakulu a nyenyezi: zimayeza zimene wogula angathe kuona, pa tsiku limene walemba.

Choonadi chinali pansi, m'ndemanga za nyenyezi imodzi, zimene zinalipo 41. Ine ndikafika pa katundu aliyense ndimayambira kumeneko, monga momwe wofunsira mbeta wanzeru amakachezera kaye kwa anansi amene sagwirizana ndi banjalo. Mwa 41 aja, anthu 17 ankanena chinthu chimodzi m'zilankhulo zosiyanasiyana: si MPPT. Atatu anachita kuimasula n'kujambula m'kati. Kontirola ya MPPT yeniyeni imayenera kukhala ndi koyilo yaikulu, waya wa kopa wokulungidwa pa mphete, chifukwa ndi imene imagwira ntchito yosandutsa mavoliti ija. M'zithunzizo munalibe koyilo, munali kabolodi kopyapyala basi. Wina anapima n'kupeza kuti maampu olowa kuchokera ku panelo ndi ofanana ndi otuluka kupita ku batire, chomwe ndi chizindikiro chenicheni cha PWM. Nditabwerera pa tsamba la wogulitsa ndinaona kuti naye, m'timalemba tating'ono, analemba kulemera kwa kontirolayo: magalamu 200. Ya maampu 30 yeniyeni, ndi koyilo yake ndi chitsulo chake choziziritsira, siingapepuke ngati buledi wa theka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Taonani masamu ake mmene amasocheretsera. Anthu 17 pa 2,300 sakwana ndi mmodzi yemwe pa 100. Mukangoyang'ana nambala, mungati ngozi ndi yochepa zedi, mwina kontirola imodzi pa 100 ndiyo yoipa. Koma madandaulo aja sanali a makontirola ochepa owonongeka. Anali a makontirola onse, kungoti anthu 17 okha ndiwo anali ndi maso oonera. Ngozi ya malume pa sitolo imeneyo inali 100 pa 100. Phunziro limene ndimasunga ndi ili: dandaulo la ngozi yogwera mmodzi, monga bokosi lophwanyika panjira, liyezeni ndi kuchuluka kwake. Dandaulo lonena za mmene chinthucho chinapangidwira, likabwerezedwa ndi anthu osadziwana amene akusonyeza umboni, limalemera kuposa mayamiko chikwi.

Tsono sitolo yachitatu, ya 96.8 ija. Nambala imeneyi inandidetsa nkhawa poyamba, ndipo panali chifukwa. Ife amene tinaphunzira sukulu timaona 96 ngati kukhoza kwapamwamba, koma pamisika iyi mayeso ake ndi ena. Msika wa eBay ndiwo unayambitsa kutchuka kwa mchitidwewu m'chaka cha 1996, pamene mwini wake Pierre Omidyar anatsegula malo oti ogula ndi ogulitsa azinenana poyera. Patapita zaka zinaoneka kuti anthu ankaopa kunena zoipa chifukwa wogulitsa ankabwezera, ndipo mu 2008 eBay inaletsa ogulitsa kupereka ndemanga zoipa kwa ogula. Ngakhale zinatero, akatswiri awiri a zachuma, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, atafufuza anapeza mu 2015 kuti pakatikati ogulitsa a pa eBay anali ndi 99.3 pa 100. Chifukwa china n'chakuti okhumudwa ambiri salemba kanthu, amangochoka mwakachetechete osabweranso. Pamsika wotero, wa 97 ali kumchira kwa kalasi. Msika uliwonse uli ndi mulingo wakewake, choncho chimene ndimachita ndi kutsegula masitolo ena asanu kapena asanu ndi imodzi ogulitsa katundu wa mtundu womwewo pamsika womwewo, n'kuona pamene ambiri aima. Pa ogulitsa zipangizo za sola amene ndinawaona, ambiri anali pakati pa 95 ndi 98. N'zomveka, pakuti katundu wovuta kulumikiza amabala madandaulo ambiri kuposa matochi. Sitolo yathu inali pakati pa anzake.

Kenaka ndinakhala pansi ndi pepala n'kuwerenga ndemanga zoipa zonse 22, imodzi imodzi, n'kumaziika m'magulu. Khumi ndi ziwiri zinali za kuchedwa. Zisanu zinali za kabuku ka malangizo kolembedwa m'Chingerezi chopotoka. Zitatu zinali za bokosi lofika litaphwanyika ngodya. Ziwiri zokha ndizo zinkanena kuti kontirola inafa, ndipo pa ziwirizo mmodzi anabweranso n'kuwonjeza kuti anamutumizira ina. Panalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti si MPPT. M'malo mwake munali zithunzi za ogula zoonetsa kontirola itakhomedwa pakhoma, mawaya atalumikizidwa, kagalasi kakuonetsa mavoliti a panelo ochuluka ndi maampu a batire ochuluka. Munalinso ndemanga zimene ndimazikonda kuposa zonse, zija zowonjezeredwa pambuyo pake: patha miyezi inayi, ikugwirabe. Sitoloyo inali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zonse zimene inkagulitsa zinali za sola.

Ndinayang'ananso mmene wogulitsa ankayankhira odandaula, chifukwa khalidwe la munthu limaoneka pa tsiku la mlandu. Wina amayankha aliyense ndi mawu amodzimodzi okopera. Wina amatukwana. Uyu ankafunsa kuti panelo yanu ndi ya mavoliti angati, mwalumikiza batire poyamba kapena panelo. Funso lachiwirilo linandisangalatsa, pakuti odziwa ntchito amalumikiza batire kaye kuti kontirola izindikire mavoliti ake, ndipo munthu wofunsa zimenezo akudziwa chimene akugulitsa. Nanenso ndinamulembera funso limodzi limene ndinkadziwa kale yankho lake: kodi ingalandire panelo imene imafika mavoliti 37 ikakhala yosalumikiza? Anayankha mawa lake kuti malire ake ndi mavoliti 100, ndipo anandichenjeza kuti mawati 250 pa batire ya 12 ali pafupi ndi mapeto a maampu 20, ndisadzawonjezepo panelo ina. Wamalonda amene amakuuzani pamene katundu wake athera ndi wosowa.

Pali funso lachitatu limene anzathu a ku Ulaya salifunsa koma ife tiyenera kulifunsa: olembawa ali kuti? Ndemanga zambiri zimachokera kumaiko kumene phukusi limafika m'masiku khumi ndipo kubweza katundu n'kosavuta. Nyenyezi zawo za liwiro sizikutikhudza. Ndinasanthula mpaka ndinapeza ogula ochepa a mbali yathu ino, awiri a ku Zambia, mmodzi wa ku Mozambique, ena a ku Kenya, ndipo onse ankatchula milungu isanu mpaka isanu ndi itatu. Zimenezi zinandipatsa nambala yofunika kuiyerekeza ndi ina: masiku amene msikawo umasunga ndalama zanu usanazipereke kwa wogulitsa. Misika yambiri ikuluikulu ili ndi nthawi yotetezera wogula, ndipo ikatha musanadandaule, ndiye kuti mwavomera. Ndinalemba tsiku lotsiriza pa kalendala ya kukhitchini, kuti likamayandikira katundu asanafike ndipemphe kuti awonjeze masiku kapena nditsegule dandaulo.

Apa mpamene ndimaonera kukula kwenikweni kwa ngozi. Nyenyezi zimandiuza mwayi woti zinthu zilakwike. Sizindiuza kuti zikalakwika ndiluza zingati. Kwa ife kuno, katundu wolakwika kawirikawiri sabwezeka, chifukwa mtengo wotumizira kabokosi ka kilogalamu imodzi kubwerera ku China ukhoza kuyandikira mtengo wa katunduyo, ndipo zimene mwalipira polandira phukusi wogulitsa sakubwezerani. Ndinawauza malume mosabisa kuti pa zimene ndawerenga, mwayi woti kontirola ifike yakufa kapena isafike ndi wochepa, mwina awiri kapena atatu pa 100, ndipo ikapanda kufika ndalama zibwerera, koma ikadzafa patatha miyezi isanu tidzadalira chifundo cha wogulitsa. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Nanga ya madola 14 ija?" Ndinawafotokozera za koyilo. "Basi mphwanga," anatero, "gula ya munthu wonenedwayo. Amene sananenedwepo sitikumudziwa."

Chinthu chimodzi chimene sindichita, ngakhale nyenyezi zikhale zingati, ndi kulipira kunja kwa msika. Ogulitsa ena mukawalembera amakunong'onezani kuti mukatumiza ndalama mwachindunji akuchotserani pang'ono. Mukatero mwachoka pansi pa denga. Palibe wosunga ndalama, palibe kodandaula, ndipo ngakhale ndemanga yoipa simungalembe chifukwa m'mabuku a msika simunagule kanthu. Mbiri yonse imene munaiwerenga ija inapangidwa ndi anthu amene anali otetezedwa, ndipo wogulitsa ankachita bwino podziwa kuti akuonedwa.

Zomwezi zimandichititsa kusamala ndi amalonda athu a konkuno amene amagulitsira pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ambiri ndi anthu achilungamo ofuna kudyetsa ana. Koma zithunzi za mauthenga oyamikira zimene amaonetsa anasankha ndi iwo eni, ndipo mawu owadzudzula akhoza kuwafufuta kapena kuwabisa patsamba lawo. Mbiri imene mwini wake ali ndi chofufutira chake sindiiwerengera. Kwa otere ndimabwerera ku nzeru za ku Limbe: ndimafuna munthu mmodzi amene ndikumudziwa yemwe anagulapo, kapena ndilipire katundu ali m'manja. Safunsa anadya phula.

Kontirola inafika patatha milungu isanu ndi iwiri, kutatsala masiku ochepa kuti tsiku la pa kalendala lija likwane. Sindinathamangire kudina kuti ndalandira ndipo ndakhutira. Ndinajambula kanema pomasula phukusi, kuyambira pa chikalata cha adiresi, chifukwa pakabuka mkangano umboni umene amaufuna ndi umenewo. Ndinaiika pa sikelo ya kukhitchini, inapitirira kilogalamu imodzi. Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Ntcheu. Tinalumikiza batire poyamba, kenaka panelo, masana dzuwa lili pamutu, batire itagwirako ntchito usiku kuti ikhale ndi njala. Ku mbali ya panelo chopimira changa chinaonetsa mavoliti 29 ndi maampu 6.2, omwe ndi mawati pafupifupi 180. Ku mbali ya batire chinaonetsa mavoliti 13.2 ndi maampu 13, mawati pafupifupi 172. Maampu analowa 6, anatuluka 13. Malume, amene anaphunzitsa masamu zaka zambiri, anachulukitsa okha pansi ndi kamtengo, n'kugwedeza mutu. Kontirola yonamizira ija ikanapereka maampu a m'ma 6 kapena 7 omwewo, ndipo makina ometera akanamazima dzuwa likangopendeka.

Ndemanga yanga ndinalemba kawiri. Yoyamba ndinaikamo manambala onsewa, chithunzi cha chopimira, dzina la dziko lathu ndi masiku amene phukusi linayenda. Ndinapereka nyenyezi zinayi, chifukwa kabuku ka malangizo kanalidi kosokoneza ndipo malo omangira mawaya ndi opanikiza kwa waya wonenepa. Yachiwiri ndinawonjeza patatha miyezi itatu, mvula itayamba, kunena kuti ikugwirabe ndipo masiku a mitambo ikutchajabe ngakhale pang'ono. Ndimachita zimenezi chifukwa ndikudziwa amene ndinapindula nawo. Sanali zikwi zija zolemba kuti yafika msanga. Anali anthu atatu osawadziwa amene anatenga sikuludiraiva n'kutsegula kabokosi ka madola 14, ndi wa ku Zambia uja amene anavutika kulemba kuti anadikira milungu ingati. Tsiku lina wina wa ku Mzimba kapena ku Nsanje adzafika pa tsamba lomwelo ali ndi ndalama zimene sizingabwererenso, ndipo adzasanthula kufuna munthu wa kwawo amene anapima. Akadzapeza mbendera ya Malawi pansi pa manambala aja, adzakhala ndi poyambira.